Makapusozi a Alamu Anga

Mpaka lero ndikaona alamu anga mtima umandiwira. Mng'ono wanga, mkazi wawo, ankamwa fuluoksetini wakuchipatala chifukwa cha matenda okhumudwa, ndipo anali atayambanso kupita kudimba. Alamuwo pobwera kuchokera ku Joni anamubweretsera makapusozi a chitsamba chotchedwa St John's wort, ati ochotsa nkhawa. Anamuuza kuti aziphatikiza ndi akuchipatalawo, koma asakanene, anamwino amakalipa akamva za zitsamba.

Sipanapite nthawi. Tsiku lina mu Juni, ife titafunda zitenje chifukwa cha kuzizira kwa kwathu kuphiri la Chongoni, mng'ono wangayo thukuta linali kamukamu, thupi moto, miyendo ikugwedezeka yokha, akulankhula zosokonekera. Tinkati ndi malungo, koma kuchipatala sanawapeze. Adokotala atafunsa ngati wamwa china, alamu anabisa za makapusozi aja. Botolo lake ndinatulutsa ndine.

Adokotala anati zonse ziwirizo zimachulukitsa m'thupi mankhwala a muubongo otchedwa serotonini, ndipo akapyola muyeso munthu atha kufa. Anamuimitsa zonse, namugoneka m'chipatala mpaka anachira.

Alamu pobwerera kunyumba ankangoti, "Koma alamu, si zachilengedwe zimene zija?"

Ndinawayankha kuti, "Bowa wakupha wa m'phirimu nayenso ndi wachilengedwe. Ndikakuphikireni?"