Wakuba manachesi ndinali ine

Nditapuma pa uphunzitsi sindinathe kungokhala pakhomo. Ndinapempha kachipinda ka laibulale pasukulu ya kwathu, kufupi ndi Matandani, kuti Lachitatu lililonse ana akaweruka ndiziwawerengera mabuku a zithunzi. Tinkayamba ndi chikuto, iwo n'kumalosera zomwe zili m'katimo. Ndikawerenga ankajambula ndi makrayoni oduladula, kenako sewero, pomaliza kukambirana.

Tsiku lina buku linali la munthu woba manachesi m'munda mwa mnzake. Panali kamtsikana ka sitandade 3, kakamwa ngati wailesi, kamene kanadzipereka kukhala wakubayo. Kanakwawa pansi pa tebulo, kanabisa miyala m'malaya ngati manachesi, tonse nthiti zinauma ndi kuseka. Pokambirana, ana aja omwe ankangoti "eee" pa chilichonse anatsutsana koopsa ngati njala imaloleza kuba. Ndinapita kunyumba mtima uli m'malo.

Ndinaiwala kuti kwathu kuno dzina likakumata silichoka. Sabata isanathe, kumjigo ndi kunjira konse mwanayo ankamukuwiza kuti "Wakuba manachesi!" Mayi ake anandipeza ndikusesa m'laibulale.

"Aphunzitsi, kodi mwana wanga ndinakupatsani kuti mumusandutse mbava? Kuno sabweranso, basi."

Zinandiwawa, chifukwa ankanena zoona. Aphunzitsi aakulu anati ndisiye masewero, ndizingowerenga. Ndinayesa kamodzi. Ana anangondiyang'ana kukamwa, ndikafunsa funso onse zii. Ndinapsa mtima. Sewero ndiye linkamasula pakamwa pawo, ndipo mwana ujanso ndinkamufuna pamkeka pathu powerengera.

Sabata yotsatira ndinatenganso buku lomwelo n'kulengeza kuti kuyambira tsikulo wakuba, waulesi ndi wabodza aliyense wa m'buku ndidzakhala ine. Ndinamanga chitenje m'chiuno, ndinakwawa pansi pa tebulo ndi mawondo anga a nyamakaziwa. Ana anachita kugubuduka.

Dzina linasamuka sabata yomweyo. Ine mayi wa mvano, wa imvi zanga, kumsika ana ankandilozerana, ogulitsa manachesi n'kumaphimba madengu awo mwadala ndikamadutsa. Manyazi ndinali nawo, ndisaname. Koma wamkulu sauzidwa kutsuka mbale, ndinadziwa ndekha kuti ndipite kwa mayi aja.

Ndinawapeza akutong'ola chimanga. Ndinapepesa, n'kufotokoza kuti sewero likusowa mwini munda woti agwire wakuba. Anasiya kutong'ola.

"Ndamva kuti mwayamba kuba, eti?"

"Ndayamba, mayi. Ndikusowa wondigwira."

Lachitatu loyamba mwanayo sanabwere. Ndinakwawabe. Lachitatu lotsatira ndili pansi pa tebulo ndi miyala m'chitenje, ndinangomva kadzanja kandigwira pamkono mwamphamvu ndithu.

"Ndakugwirani! Amayi ati ndisakusiyeni."