Deresi ya Tionenji pa kalendala ya a Haruna

A Haruna anasoka zaka makumi anayi m'kachipinda kamodzimodzi, kuseri kwa matandala oyanikapo usipa. Anayamba ali mnyamata, pa makina opondera amene amalume awo anawasiyira. Sanali telala wa masitayelo ambiri, koma anthu ankachokera ku Chitala, kudutsa matelala ena asanu, kuwabweretsera nsalu za ukwati. Chifukwa chake chinali chimodzi: chovala cha munthu sichinkaoneka kwa wina mwini wake asanachivale. Akamaliza kusoka ankachipinda, n'kuchitsekera m'sutikesi pansi pa tebulo. Dzina lawo lonse linali m'sutikesi imeneyo.

Kaunjika atachuluka, makina anayamba kukhala chete masiku awiri, atatu. Ndipamene mwana wawo Hajara, mayi wa ana atatu amene amuna ake ankagwira ntchito ya usodzi ku Mbenji, anabwera kudzasoka nawo. Tsiku lina anayala pa tebulo pepala la thumba la simenti, lomwe lija ankadulira mapatani, n'kujambulapo mabokosi makumi atatu.

"Ukudula chiyani chamakona chonchi?" anafunsa a Haruna.

"Mwezi wamawa, ababa. Anthu masiku ano sayang'ana m'khonde, amayang'ana m'foni. Tikamaika chithunzi lero, kenako zii milungu itatu, amaganiza kuti tinatseka."

Anawalongosolera akuloza ndi sizasi. Lolemba lililonse linali la "Nsalu ya Sabata Ino": chitenje chimodzi, ndi zimene chingasokedwe. Lachitatu linali la "Pa Makina": kavidiyo kakafupi ka manja a telala akuika zipi kapena akuonetsa poyezera chiuno. Lachisanu linali la "Mwini Wavala": kasitomala m'chovala chake chatsopano, ngati walola. Milungu inayi, katatu pa mlungu, zonse khumi ndi ziwiri. M'bokosi lililonse analembamo chithunzi chofunika, mawu ake, ola lake, ndi kachongi kosonyeza kuti mwini wavomera.

Zithunzi za nsalu ndi mavidiyo anajambuliratu m'mawa umodzi, dzuwa lisanawawe. Kenako anazilowetsa pa tsamba la shopu pa Fesibuku, chilichonse ndi tsiku lake ndi ola lake. Za pa sitetasi ya Watsapu, zimene zimazimiririka pakatha tsiku, anati aziika yekha pamanja.

Lolemba loyamba Hajara anali kuchipatala ndi mwana. Ola la leveni litangopitirira, mayi wina wogulitsa mandasi anasuzumira pakhomo kufunsa chitenje chobiriwira chimene wachiona kumene.

"Wachiona kuti, poti chili m'katoni?"

"M'foni, agogo. Mwangoika kumene."

A Haruna anayang'ana pepala lija pakhoma, n'kuyang'ana katoni. Sanaike kanthu iwo, ndipo woika anali pamzere wa sikelo. Chinthucho chinadzuka chokha pa ola limene chinauzidwa masiku asanu apitawo. Anakhala kanthawi phazi lili pa chopondera osaponda.

Bokosi la Lachisanu lachitatu linali la Tionenji, mtsikana wa ku Chitala. Deresi yake ya chinkhoswe, yamanja otukuka ndi mikanda pakhosi, a Haruna anaisoka masiku asanu ndi anayi. Atabwera kudzayesa, Hajara anamujambula, ndipo Tionenji anavomera kuti chithunzi chituluke chinkhoswe chikatha. Chinkhoswe chinali cha Loweruka la mlungu wachiwiri. Hajara anasiya mpata wa masiku asanu ndi limodzi, n'kuchonga.

Lachisanu limenelo Hajara analawirira kumsika wa Khombedza kukagula ulusi ndi mazipi. A Haruna anali atavala kale mkanjo wawo woyera wa kumzikiti pamene a Elsie, azakhali ake a Tionenji, analowa ndi bulauzi yofuna kuchepetsa.

"Chinkhoswe chinayenda bwanji?"

"Chinkhoswe chake chiti, a telala? Kuchimuna kunagwa maliro Lachisanu lapitali. Tachikankhira mwezi wamawa. Deresi ija ili m'thumba, ngakhale ine andiletsa kuisuzumira. Alamu ake aja akangoiona, tsikulo mudzapeza atatu avala yofanana. Koma poti inasokedwa kuno, tikugona tulo."

A Haruna anatembenukira kukhoma. Dzina la Tionenji linali m'bokosi la lero, ola la leveni. Wotchi yawo inkati teni yadutsa ndi mphindi zisanu.

Anaimbira Hajara pa kafoni kawo kamabatani. Foni inaitana mpaka kuduka, katatu konse. Pa msika foni imakhala pansi pa chikwama. Anatseka shopu, a Elsie ali chiimire ndi bulauzi m'manja, n'kuimika njinga yamoto.

"Mwachedwa ku mapemphero a Juma, achimwene?" anaseka wanjingayo. "Sheikh sanayambe n'kusamba komwe."

"Khombedza. Usaime."

Njira yonse ankaganiza za chinthu chija chimene chimadzuka chokha. Chinali chomvera kuposa munthu aliyense amene anagwirapo naye ntchito, koma za maliro a ku Chitala panalibe amene anachiuza.

Anamupeza Hajara atagwada pa mulu wa mazipi, patatsala mphindi zisanu ndi ziwiri. Sanamupatse moni.

"Chinkhoswe sichinachitike. Iletse deresi ija."

Hajara anatulutsa foni, bandulo n'kupezeka kuti yatha. Anagula ina pafoni pomwepo, n'kutsegula mndandanda wa zodikira tsiku lake. Kachizindikiro kanazungulirazungulira. A Haruna anaona deresi ija ikutuluka pagalasi, yaing'ono ngati chikhadabo, mikanda yonse ili m'malo mwake. Hajara anaidina, n'kuichotsa pa mndandanda.

"Yachoka?"

"Yachoka. Palibe waiona."

A Haruna anatsamira mzati wa shedi. Ntchito ya masiku asanu ndi anayi, yobisidwa m'thumba ku Chitala, inatsala pang'ono kuyenda boma lonse, ndipo inabwezedwa ndi chala chimodzi.

"Ndinachonga kuti walola," anatero Hajara motsitsa mawu. "Sindinafunse ngati wavala. Tsono lero bokosi lili mbee, ndipo anthu ayamba kuzolowera Lachisanu."

Anawayang'ana kuyambira kukolala mpaka kumapazi.

"Mkanjowu anasoka ndani, ababa?"

"Ukufunsa dala."

"Mwini wavala. Mwini walola?"

A Haruna, amene chithunzi chawo chokhacho chinali cha pachitupa, anaima pafupi ndi khoma la golosale, manja ali m'mbali ngati msilikali. Wogulitsa mazipi anawauza kuti amwetulire, si ku polisi kuno. Sanamwetulire, koma Hajara anawajambula, n'kuika chithunzicho pa tsamba.

Anapemphera pa mzikiti wa pomwepo, kumene ankadziwako anthu ochepa. Akuvula nsapato, bambo wina wachilendo anawapatsa salamu, n'kuwagwira mkono wa mkanjo, kuutembenuza kuti aone msoko wa m'kati.

"Ndinu a telala a kunyanja aja? Ndakuonani posachedwapa. Chikondwerero cha Idi chisanafike mungandisokere wotere?"

A Haruna anangogwedeza mutu. Nkhope yawo inali itafika pa mzikitiwo iwo asanafike.

Kumapeto kwa mwezi, Hajara atayala pepala latsopano, analemba za Lolemba ndi Lachitatu ndi bolopeni monga kale. Atafika pa Lachisanu, bambo ake anamugwira dzanja. Anadula tizidutswa tinayi ta pepala, analembapo mayina, n'kubaya kalikonse m'bokosi lake ndi phini.

"Izi usamaziuze foni msanga," anatero. "Tizimufunsa kaye mwini wake Lachinayi. Akati wavala, uzichotsa phini."

Kachidutswa ka Tionenji anakabaya m'mphepete mwa pepala, kunja kwa masiku onse, kudikira kuti ku Chitala anene tsiku.