Tsiku Limene Alendo a Triza Anachepa

Triza Kamwendo ndi telala wa ku Namitete, ndipo makasitomala ambiri amamupeza kudzera pa webusaiti yake. Tsiku lina anaona mzere wosonyeza chiwerengero cha alendo a pa webusaitiyo utatsika mwadzidzidzi. Kusoka kunamukanika, ankangolowa ndi kutuluka m'shopu foni ili m'manja.

Kenako anatsegula tchati chosonyeza kumene alendowo amachokera. Obwera kudzera pa Google analipobe, koma a pa Facebook anali atatheratu.

Anaimbira a Saulosi, achimwene ake, omwe amamuyendetsera tsamba la Facebook.

"Achimwene, kodi linki ija yotengera anthu ku webusaiti yanga munaikhudza?"

"Ndinangoilembanso dzana, bwanji?"

A Saulosi anali atadumpha chilembo chimodzi, choncho linkiyo sinkagwira ntchito. Triza anakonza linkiyo, koma sanakhazikike mpaka madzulo, pamene tchaticho chinayambanso kusonyeza alendo ochokera pa Facebook.