Mzere Umene Ndinatsala Pang'ono Kutseka

Nditasiya utolankhani, anesi a pa zahanati, kachipatala ka kwathu ku Mbezi mu mzinda wa Dar, anandipatsa ntchito yofufuza ana ojomba katemera. Anati ndimatha kufunsa mafunso, komanso ndimayankhula Chichewa, ndipo Amalawi m'dera lathu ndife ambiri.

Lolemba lililonse ankandikopera mayina kuchokera m'kaundula n'kuwaika pa fomu. Mwana aliyense anali ndi mzere wake: dzina, tsiku lobadwa, kholo, foni, mjumbe (mtsogoleri wa nyumba za mu msewu wawo), katemera amene waphonya, tsiku limene amayenera kubwera. Danga lomaliza linali langa. Ndinkalembamo ngati mwana wabwerera, wasamuka, anabayitsa kwina, makolo akana kapena wamwalira.

Mzere wina unandiyendetsa masabata atatu. Anali mwana wamkazi wa miyezi khumi ndi umodzi, wosabayitsa katemera wa chikuku, amene amaperekedwa pa miyezi isanu ndi inayi. Foni sinkapezeka. Mjumbe anandilozera nyumba, ndipo ndinapezako akulu awo a mayi wa mwanayo.

"Ali ku Malawi ndi vitenge," anatero, kutanthauza zitenje zimene mayiyo amagulitsa. "Koma mwana anabayitsa konko, lembani."

Cholembera ndinachitulutsadi. Ndikanalemba kuti anabayitsa kwina, mzerewo ukanatsekedwa, palibenso akanamufunafuna. Koma kunyuzi sitinkalemba chimene sitinachione papepala. Ndinasiya danga lopanda kanthu, likundisowetsa mtendere m'chikwama.

Lachitatu lina mjumbe anaimba kuti mayi uja wabwera, koma akubwerera ku Malawi tsiku lomwelo. Ndinakwera njinga yamoto ya bodaboda mpaka pa stendi ya basi, n'kumupeza atakhalira mtolo, mwana ali kumbuyo.

"Achemwali, ndione khadi la mwana."

"Inunso! Mwandilondola ngati ndaba nkhuku. Liti? Ali ndi awiri."

Khadi la kuno linathera pa katemera wa masabata khumi ndi anayi. M'buku la chipatala la ku Malawi munali sikelo ndi vitamini A basi.

"Kumeneko anamubaya?"

"Anamudonthezera m'kamwa, kambulu ka buluu."

"Ameneyo ndi vitamini. Wa chikuku ndi jakisoni."

Anati a sikelo kwawo atamufunsa za katemera, anawayankha kuti zonse amapangira ku Dar. Iwo sanafunsenso.

"Basi tiyeni amubaye pompano, gari isananyamuke."

Ndinamuuza zoona, kuti pa zahanati yathu wa chikuku amabaya Lachisanu lokha. Botolo limodzi ndi la ana angapo, ndipo likatsegulidwa limatayidwa pakatha maola asanu ndi limodzi.

Kondakitala anali akukuwa. Mayi uja anayang'ana basi, anayang'ana buku, n'kutukwana pang'ono m'Chiswahili.

"Mwandionongera ulendo, mayi inu. Gwirani kumeneko mtolowu."

Tinaunyamula awiri mpaka pa daladala, minibasi yobwerera ku Mbezi, iye akung'ung'udza njira yonse. Lachisanu anafika pa zahanati ine ndisanafike, ali wachitatu pa benchi.