Mlandu umene amake Jethro sanaumve

Ngati munayendapo pa msewu waukulu wopita ku Fort Jameson m'zaka za Chitaganya, n'kutsika pa Kacholola kuti muwongole miyendo, ndiye kuti munadya zitumbuwa za a Keziah Miti. Musakane, panalibe zina. Anali mayi wamfupi, wa pakamwa pakuthwa, wochokera ku Luembe. Amuna awo anapita ku migodi n'kukhala mtchona, ndipo mwa ana onse amene anabereka, amene anakula anali mmodzi yekha, Jethro. Nayenso atamera ndevu anakwera lole ya ku Lusaka.

Pa Kacholola wailesi inali imodzi, ya a Wilbroad Nyendwa a sitolo. Inali ija yooneka ngati poto, imene batire lake linkakhala padera, lolumikizidwa ndi nthambo. Loweruka masana anthu ankadzaza pakhonde kudzamvera sewero la Sajeni Kamuvi, wapolisi wosagona. A Keziah analibe nazo ntchito. Ankati munthu wamkulu sangakhale pansi kumvetsera poto akulankhula.

Loweruka lina, nyengo ya masuku, ankadutsa pakhondepo ndi beseni pamutu. Anamva wenzulo ikulira m'wailesi, kenaka mawu aukali a Sajeni, kenaka mnyamata akulira kuti, "Sindinabe ine, bwana." Beseni linagwa. Mawuwo anali a Jethro.

Iwo sankadziwa kuti n'zosewera. Ankangodziwa kuti poto yemweyo ndiye amalengeza nkhani za boma, ndipo tsopano ankauza Kacholola yense kuti mwana wawo wagwidwa ndi apolisi. Anadumpha miyendo ya anthu n'kuzula nthambo ya batire ndi mphamvu zonse, mpaka inaduka. Anthu anakuwa, a Wilbroad anatukwana Chinsenga chenicheni. Pamene ankamaliza kulumikiza, sewero linali litatha, mukuimbidwa nyimbo za ku Kongo. Anthu anawaseka mwezi wathunthu, ndipo nawonso pambuyo pake anadziseka, n'kumati mwanayo akabwera adzafotokoza yekha.

Sanabwere. Chaka chotsatira chifuwa chachikulu chinamutenga, ndipo anaikidwa ku Lusaka komweko uthenga usanafike. Sanasiye chithunzi, sanasiye mwana. Chisoni cha a Keziah chinali chouma, chopanda manda oti akalirepo. Ndiye tsiku lina dalaivala wina anawauza kuti masewero a pa wailesi amasungidwa pa matepi, ndipo nthawi zina amabwerezedwa. Kuyambira pamenepo anali ndi chinthu chimodzi chokha chimene ankachifuna padziko: kumvanso mawu a mwana wawo.

Mwayi unaoneka ngati wafika pamene galimoto yojambula nyimbo za kumidzi inafika ku Petauke. Munali a Eustace Daka, mwana wa ku Petauke komweko, amene ankagwira ntchito yosunga matepiwo. A Keziah anasiya beseni kwa mnansi, anakwera lole ya mtedza, ndipo anakawapeza pansi pa mtengo kuseri kwa msika, akupukuta makina awo.

A Daka anamvetsera bwino, chifukwa anali munthu wa mtima. Anati pa Khirisimasi osewera amapuma, ndipo Loweruka limenelo amabwereza gawo limodzi lakale. Akanatha kupempha kuti likhale limenelo.

"Koma mundiuze, amai, linali sewelo liti? Tili nawo atatu. Lilipo la Sajeni Kamuvi, lilipo la kukhoti, lilipo la kuchipatala la Sista Perpetua."

"La mapolisa, bambo. Inalila wenzulo."

"Chabwino. Nanga mlandu unali wa chiyani?"

A Keziah anayamba kufotokoza ndi manja omwe. Sajeni anali wokwiya. Panali wina wotchedwa Simon, amene Sajeniyo anamukalipira chifukwa chowodzera pa ntchito. Panamveka belu la njinga. A Daka anawasiya amalize, nkhope ikugwa pang'onopang'ono.

"Amai, zimene mwanenazi zili m'gawo lililonse. Sajeni amakwiya sabata ndi sabata, Simon amawodzela sabata ndi sabata. Zili ngati inu apa: beseni n'lomwelo, mthunzi n'womwewo, osintha ndi makasitomala. Munthu akandiuza kuti tsiku limene munali ndi beseni, sindingalidziwe. Akati tsiku limene anagula wansembe wakugwa pa njinga, ndalidziwa."

Ndiye anawafotokozera mmene masewero amenewa amapangidwira. Anthu okhazikika ndi ochepa, ndipo sasintha, kuti womvera akaphonya masabata angapo asasochere. Chimene chimabwera chatsopano ndi mlandu: umayamba lero, umatha lero, ndipo sudzabweranso. Wodandaula amafika n'kunena chimene chatayika, woganiziridwa woyamba amakana, ndipo kawirikawiri amakhaladi wosalakwa, kenaka Sajeni amapeza kanthu kakang'ono kamene kamaulula wakuba weniweni. Kukhoti n'chimodzimodzi: woweruza ndi yemweyo, koma mkangano ndi chigamulo n'zatsopano. Kuchipatala Sista ndi yemweyo, wodwala ndi matenda ake ndiwo a sabata imeneyo. N'chifukwa chake pa bokosi la tepi salembapo dzina la Sajeni. Amalembapo mlandu.

"Wina akangoti muja munabedwa belu la chalichi, kaya muja mwana anameza khobidi, ine ndipita kukatenga bokosi osasakasaka," anatero a Daka. "Chinthu chimodzi chabe, amai. Chobedwa, mwini wake, kaya wakuba mmene anagwidwila."

"Nanga dzina la mwana wanga? Jethro Miti."

"Osewela a tsiku limodzi timangowatola m'komboni. Abwela m'mawa, masana apita. Maina awo sakhala pa bokosi. Ndipo ine mawu ake sindiwadziwa."

"Anati, sindinabe ine, bwana."

A Daka anayang'ana pansi. Sanafune kunena, koma ananena. "Onse amatelo, amai."

Apa m'pamene a Keziah anazindikira zimene dzanja lawo linachita. Poteteza mwana ku manyazi, anadula chinthu chokhacho chimene chikanawathandiza kumupeza. Ndipo sanadzidulire okha. Anadulira Kacholola yense, moti panalibe ngakhale mmodzi woti angakamufunse. Anakhala pa muzu wa mtengo, mtima ukuwawa ngati uthenga wa maliro wafika kumene.

Koma a Daka anali ndi funso lina. Kodi wodandaula anali atalankhula kale Jethro asanalire? A Keziah anati ayi, ndipo a Wilbroad nawonso ankanena zomwezo, kuti wenzulo itangolira, Simon atangokalipiridwa, munthu anali kale m'manja mwa Sajeni. A Daka anadzuka. Anati magawo amene amayamba ndi kugwidwa kwa munthu, mlandu n'kudziwika pambuyo, anali ochepa, chifukwa wolemba ankachita zimenezo akatopa ndi njira ya masiku onse. Poganizira chakacho ndi nyengo ya masuku, anakumbukira atatu: la njinga ya mphunzitsi, la mbuzi za paukwati, ndi la mfuti ya mlenje wa ku Luangwa.

"Atatu ndi ochepa, bambo. Muwaike onse."

Sizikanatheka. Loweruka lobwereza linali limodzi. Ndipo matepi anali odula, ochokera kunja, kotero akale ankafufutidwa chaka chikayamba kuti ajambulepo zatsopano. A chaka chimene Jethro anasewera nthawi yawo inali itakwana. Anayenera kusankha limodzi.

"La njinga," anatero a Keziah. "Anali kukonda njinga kuyambila ali mwana."

"Amai, munthu sasankha mlandu wake. Amapatsidwa pepala n'kuwelenga."

"Ndamva. La njinga."

Anabwerera ku Kacholola, ndipo m'miyezi yodikira ija mayi uja wonyoza poto anasanduka woyamba kufika pakhonde. Anaphunzira kumvera monga a Daka anawaphunzitsira. Sajeni akamakalipa iwo ankangodikira, koma wodandaula akatsegula pakamwa ankatchera khutu ngati pa ulaliki. Posakhalitsa anthu akakangana kuti nkhani ya mkaka wothira madzi inali ya Sajeni kapena ya kukhoti, ankafunsa amake Jethro, ndipo ankayankha mlandu, wolakwa ndi chigamulo chomwe. Anadziwa magawo onse a miyezi imeneyo, amene analibe nawo ntchito.

Loweruka la Khirisimasi linafika ndi mitambo. A Wilbroad anaika batire latsopano, chinthu chimene sankachitira ngakhale alamu awo. Anthu anabwera ambiri, ena kuchokera ku Nyimba, ndipo a Keziah anawapatsa mpando patsogolo penipeni. Wolengeza anati lero tibwereza mlandu wa njinga ya mphunzitsi. A Daka anali atasunga lonjezo.

Wenzulo inalira. Simon anakalipiridwa. Kutali kunkagunda mvula, ndipo wailesi inkathetheka ngati mafuta m'chiwaya. Kenaka mnyamata anati, "Sindinabe ine, bwana."

Khonde lonse linatembenukira kwa a Keziah. Iwo anaweramira kutsogolo, maso ali otseka. Mnyamatayo analankhulanso, kuti njingayo anaipeza pachitsime, kuti amafuna kuibweza. Chinyanja chake chinali cha m'tauni, koma penapake Chinsenga chinkatulukira. Jethro akanatha kulankhula choncho atakhala ku Lusaka. Koma anyamata a ku Petauke ku Lusaka analipo mazanamazana. Mawuwo anali okwera pang'ono. Kapena anali mantha osewera. Anayesa kuitana m'mutu mwawo mawu enieni a Jethro, mmene ankanenera kuti amama ndabwera, kuti awaike pambali pa awa, koma amene ankabwera anali a m'wailesi omwewo.

Mlandu unatha bwino. Wakuba anapezeka kuti anali wophika wa mphunzitsiyo, amene anagwidwa ndi girisi pa kabudula, ndipo mnyamata uja anamasulidwa. Nyimbo zitayamba, palibe amene anadzuka. A Wilbroad anatsitsa mawu a wailesi n'kugwada pafupi nawo.

"Amake Jethro, tiuzeni. Ndi yeve?"

A Keziah anatsegula maso. Anayang'ana a Wilbroad.

"Sindidziwa, a Nyendwa," anatero. "Mwana wanga ndamuiwala mawu."