Ana a makilogalamu ziro

Ndinakana kusaina lipoti lija, ndipo mpaka lero sindinong'oneza bondo. Ndinali kalaliki wa pakompyuta ku kabungwe kena koona za kadyedwe ka amayi oyembekezera, pa Chitipa Boma. Ntchito yanga inali kulowetsa mu Excel kulemera kwa makanda obadwa m'midzi.

Lipotilo linkati ana a ku Nthalire akubadwa onyentchera kuposa kwina konse. Bwana wathu anali atalemba kale kalata yoti mlangizi wa kumeneko, mayi wamasiye amene ankazungulira midziyo pa njinga yakapalasa, asapatsidwenso kontrakiti. Tsiku limenelo mayiwo anali pa benchi panja, fumbi lili mbuu m'miyendo, akudikira kalatayo.

Bwanawo ananyadira kuti avereji anaipeza okha. Fomula wamba ya AVERAGE inkangowalavulira chizindikiro cha cholakwika, #VALUE!, chifukwa mzere wosintha magalamu kukhala makilogalamu unkasokonezeka paliponse pamene munthu analemba mawu ngati "sikelo yafa". Ndiye analemba =AGGREGATE(1,6,C2:C300). Anandiphunzitsa ngati mwana kuti 1 ndi avereji, 6 ndi kulumpha zolakwika, ndipo mabokosi opanda kanthu sawerengedwa. Zonsezo n'zoona. Koma ziro ndi nambala, AGGREGATE imamuwerenga n'kutsitsa avereji. Ndipo maziro anali mbwee, chifukwa bwana omwewo ankakalipira aliyense wosiya bokosi losalemba pa fomu. Mwana akabadwira kunyumba osakwera sikelo, mavolontiya a ku Nthalire ankangolemba 0 kuti asakalipidwe.

Ndinawafunsa ngati anaonapo khanda la makilogalamu ziro. Anati ndisawaphunzitse ntchito. Ndinapsa mtima kwambiri, koma ndinakhala pa mpando wawo womwewo. Maziro sindinafufute, si ine wobisa zimene anthu analemba. Pambali ndinatsegula mzere D, ndikulemba =C2/(C2<>0), ndikuukokera mpaka pansi. Pamene pali kulemera kwenikweni, nambala imagawidwa ndi 1 n'kukhala momwemo. Pamene pali ziro kapena palibe kanthu, imagawidwa ndi 0. Sikirini inadzaza #DIV/0!, bwana n'kudzuma kuti ndawaonongera fayilo.

Ndinati zolakwikazo ndazipanga dala, kuti 6 wawo uja azilumphe. Nditalemba =AGGREGATE(1,6,D2:D300), Nthalire inafanana ndi madera ena monga Kaseye.

Bwana anaziona nambalazo. Kenako anati avereji yakaleyo anaitchula kale pa msonkhano, sangabwerere m'mbuyo chifukwa cha kalaliki.

"Ndiye sainani nokha, bwana. Ine dzina langa silipita pa bodza. Ndipo akuluakulu akandifunsa, ndiwaonetsa mizere yonse iwiri."

Anandiuza kuti kontrakiti yanga nayonso ikutha mwezi wamawa. Ndinati ndikudziwa.

Kalata ija sinatuluke mu ofesi. Mayi aja anabwerera ku Nthalire pa njinga yamoto yahayala osadziwa chimene chachitika, ndipo ali pa ntchito mpaka pano. Ine mwezi utatha anandithokoza chifukwa cha ntchito yabwino, ndinapereka makiyi.