Mapepani a Teddy Miti

A Teddy Miti ndi alamu anga, amuna a mkulu wanga Rachael. Munthu wodzichepetsa ngati iwo sindinamuonepo, ndipo sindikunena mowayamikila. Ukawaponda phazi mu minibasi, amene amayamba kupepesa ndi iwo. Atate awo ndiwo ankatumidwa kukanena malilo m'midzi ya ku Nyampande, ndipo ankadziwa kuzungulila: moni choyamba, kenako za mvula, kenako kuti uje wadwalako pang'ono, imfayo n'kuitchula pomaliza. A Teddy anakula akuona kuti nkhani yoipa imanenedwa choncho, ndipo anaitengela kuntchito.

Ntchito yawo inali yoyang'anila shedi ya kampani ina ya thonje. Ankagawa mbewu ndi mankhwala opopela kwa alimi, n'kulandila thonje nthawi yokolola. Anagwila kuyambila ali mnyamata mpaka imvi, osasowetsa ngakhale thumba limodzi.

Chaka chimene alimi ambili anasiya thonje n'kuyamba soya, zigubu za mankhwala zinatsala mulu pakona ya shedi. Zinapitilila nthawi yake, zina zinafufuma, zina zinayamba kudontha. Pamwamba pake lata linali lobooka, simenti ya pansi yong'ambika. Kumunsi kwa shediyo, poyambila madimba, kunali chitsime chosazama chimene mabanja a kumeneko ankamwa. A Teddy anathila mchenga pomwe pankadontha, anachenjezanso amayi otunga madzi, koma mjigo unali kutali ndipo anthu anapitiliza kumwa. Kusuntha katundu wa kampani popanda chilolezo sakanatha, ndipo analibe galimoto kapena malo ena. Manijala wa chigawo anali atasiya ntchito, choncho wotsala anali mkulu wa kampani ku Lusaka, mayi wotanganidwa amene sayankha nambala yachilendo.

Anawalembela imelo kangapo chilimwe chonse. Yankho limabwela lofanana: zikomo, taona.

Mitambo itayamba kusonkhana, anabwela kwa ine ku Petauke. Ndili ndi kashopu kotaipa ndi kufotokopa pafupi ndi msika, koma kale ndinali sekilitale wa manijala wina ku Nyimba, ndipo ndinkaona mmene mabwana amawelengela makalata: pafoni, ataimilila, chala chili kale pa kalata yotsatila.

“Alamu, nionelenkoni Chizungu changa,” anatelo a Teddy, akundipatsa foni ndi manja awili. “Kapena ndiye chifukwa sanimvela.”

Chizungu chawo chinalibe vuto. Vuto linali lakuti ndinatsitsa, n'kutsitsanso, osapeza nkhani. Ndime yoyamba inali moni ndi kufunila bwana ndi banja lawo moyo wabwino. Yachiwili, pepani pokusokonezani, ndikudziwa kuti muli ndi zambili. Yachitatu inathokoza kampani powasunga zaka zonsezi. Yachinayi inafotokoza chifukwa chimene alimi asiyila thonje, ndi pepani winanso chifukwa chotalikitsa. Chitsime chinatulukila kumapeto kwenikweni, chitavala mawu akuti “mwina pangakhale kavuto kakang'ono”. Pansi pake panali pepani ngati ndalakwa kulemba.

Mtima unandipsa. Ndinakopela zonse pakompyuta n'kuyamba kufufuta iwo akuona.

“Iyo ni moni, alamu. Munthu mkulu simungamuyambe chabe na nkhani.”

“Moni ikhala, koma mawu awili. Aba amai afika pa thenkiyu yanu, aganiza ni kalata yothokoza, ayankha zikomo. Chitsime sanachione n'komwe.”

“Manje mapepani mwachotsa onse?”

“Mwalakwa chani? Ndimwe munaboola lata?”

Ndinawafunsa kuti akufuna bwana achite chiyani kwenikweni, ndipo anayambanso kuzungulila mpaka ndinawadula. Zinapezeka kuti akufuna zinthu ziwili basi: galimoto ichotse zigubu mvula isanagwe, ndipo madzi a m'chitsime ayezedwe. Pamutu pa imelo, pomwe iwo ankalemba kuti “Moni kuchokela ku Nyampande”, ndinalemba kuti “Mankhwala akudontha pafupi ndi chitsime cha anthu: pakufunika galimoto sabata ino”. M'kati munatsala izi: mankhwala otha nthawi akudontha mu shedi, denga ndi lobooka, madzi a mvula adzatsetselekela kuchitsime chimene mabanja amamwa; tikupempha galimoto ndi woyeza madzi; zithunzi nazi, nambala yanga nayi. Mawu a mwina, pang'ono ndi ngati n'kotheka ndinawachotsa onse. Kalata yonse inakwana pagalasi la foni popanda kutsitsa.

A Teddy anaiwelenga nkhope itagwa. “Ili monga nilamula bwana,” anatelo. Ndinawauza kuti atumize pomwepo. Anati ayambe aganizako, ndipo anapita nayo kumudzi.

Rachael anandiuza pambuyo pake kuti a Teddy ankaitsegula, n'kuikamo pepani mmodzi, n'kumuchotsanso. Ankaopa kuoneka wamwano kuposa china chilichonse. Ali m'kati moganiza, mvula yoyamba inagwa, yamphamvu. Madzi analowa pa lata, anasambitsa zigubu, n'kutuluka pansi pa chitseko kulowela kumadimba. M'mawa amayi anatunga monga mwa masiku onse. Pofika masana ana angapo anali kusanza ndi kudandaula mutu ndi chizungulile. Mwana wamkazi wa amai Goodness, oyandikana nyumba ndi a Teddy, anakomoka, ndipo anathamanga naye kuchipatala.

Tsiku lomwelo a Teddy anatumiza kalata ija monga ndinaisiyila, n'kuwonjezela mzele umodzi wokha wonena za anawo. Bwana anaiwelenga yonse. Anaimba okha foni dzuwa lisanalowe, ndipo mawa lake galimoto inafika ndi anthu ovala magolovesi ndi zophimba kumphuno. Anatenga zigubu, anakumba dothi lonyowa, anatenga madzi m'mabotolo. Zimene zinakanika chilimwe chonse zinatheka mwamsanga chonchi, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lelo.

Kenako kunabwela kufufuza. Bwana anafunsa chifukwa chimene sanauzidwe kale. A Teddy anati analemba, ndipo maimelo akale anatsegulidwa. Ofufuza anawelenga mpaka pansi, anapeza “kavuto kakang'ono”, n'kunena kuti woyang'anila shedi anachepetsa ngozi imene ankaidziwa. Zoti bwanayo anayankha zikomo osafika kumapeto, palibe anazitchula. Ine ndimati onse awili analakwa, koma amene anachotsedwa ntchito ndi mmodzi.

Chitsime anachitseka ndi simenti. Mwana wa amai Goodness anatuluka m'chipatala, koma ndi wofooka, ndipo kusukulu sanabwelelebe. Mabanja a kumadimba tsopano amatunga kumjigo wakutali uja.

A Teddy masiku ano amalima soya pakamunda ka apongozi awo. M'mawa uliwonse amamanga zigubu zamadzi panjinga, kupita kumjigo, n'kubwela akukankha. Chigubu choyamba amachitsitsa pakhomo pa amai Goodness, osagogoda. Rachael akuti madzulo a Teddy amachipeza pomwepo, chodzaza, ndipo amai Goodness amakhala atapita okha kumjigo ndi ndowa pamutu.